Chikuto cha Magazini ya Sukulu: Malangizo Ayambire Kumbuyo kwa Chithunzi

Teremu yomaliza ikafika, aphunzitsi oyang'anira magazini ya sukulu amaitana ana odziwa kujambula n'kuwauza kuti, "Tipangireni chikuto chokongola cha mapepala odula, chosonyeza kuti maphunziro ndi tsogolo lathu." Ana aja amapita, n'kubwera ndi pepala lodzaza tho: dzuwa pakona, buku lotsegula pakati, pensulo, mbendera, mtengo, nyumba ya sukulu, zonse zomatidwa mondondozana, chilichonse chikulimbirana malo ndi chinzake. Dzina la magazini lasowa pokhala. Aphunzitsi amakhumudwa, ana nawo amagwa ulesi, komatu vuto silinachokere m'manja mwa ana. Lachokera m'mawu amene anawatuma nawo.

Sizasi sadula "tsogolo". Amadula phiri, msewu, mutu wa munthu, tsamba. Ndiye malangizo opita kwa wodula mapepala ayenera kutchula zinthu zokhala ndi m'mphepete, ndiponso anene chimene chili kumbuyo ndi chimene chili kutsogolo. Chithunzi cha mtundu umenewu chimakongola chifukwa cha kusanjikizana kwa mapepala: lina limabisa mbali ya linzake, kamthunzi n'kugwera pansi pake, diso n'kumaona ngati muli kuya pamene zonsezo ndi mapepala apansipansi. Wolemba malangizo akapanda kunena za kusanjikizako, mwana amayala zidutswa zake ngati tomato pamsika, chilichonse pachokha, ndipo kuya kuja sikuoneka.

Luso limeneli lili ndi akatswiri ake odziwika. Henri Matisse wa ku France, atachitidwa opaleshoni yaikulu mu 1941 n'kuyamba kuvutika kuimirira nthawi yaitali, anatembenukira ku mapepala. Omuthandiza ankapaka utoto pa mapepala oyera, iye n'kumadula ndi sizasi, ndipo zidutswazo ankazibaya ndi mapini pakhoma, kuzisuntha mobwerezabwereza asanazimate. Buku lake lotchedwa Jazz linatuluka mu 1947. Kwa ife chofunika pa nkhani yakeyi ndi mapiniwo. Chidutswa chisamatidwe mpaka zonse zitayalidwa ndi kuonedwa pamodzi, ndipo mfundo imeneyi ndi yoyenera kulembedwa m'malangizo, chifukwa mwana akagwira guluu safuna kudikira.

Tiyeni titenge sukulu ya m'boma la Mulanje, imene ana ake amaona phiri tsiku ndi tsiku pobwera ku kalasi. Mphunzitsi wofuna chikuto angalembe chonchi pa pepala limodzi:

"Chithunzi chikhale choimirira, cha mapepala osanjikiza kasanu. Kumbuyo kwenikweni, thambo la chikasu chopepuka, lopanda chilichonse pa gawo limodzi mwa magawo 4 a pamwamba. Kutsogolo kwake, phiri la Mulanje la buluu wotuwa, chidutswa chimodzi. Kenaka minda ya tiyi, mizere itatu yokhota, yobiriwira, wakutali wopepuka, wapafupi woderako. Kenaka msewu wa dothi wochoka pansi kumanzere kukwera pakati. Kutsogolo kwenikweni, ana awiri, mtsikana ndi mnyamata, akuyenda atatipatsa msana, zikwama zawo zofiira. Mitundu ikhale 5 yokha. Musajambule ndi pensulo kapena cholembera pamwamba. Kuwala kuchokere kumanzere."

Mawu ndi ochepa, koma palibe ngakhale amodzi amene angokhalapo chabe. Taonani thambo lija. Gawo la pamwamba lasiyidwa dala chifukwa m'pamene padzakhale dzina la magazini, chaka ndi chizindikiro cha sukulu. Anthu ambiri amakumbukira zimenezi chithunzi chitatha kale, ndiye dzina limaponyedwa pamwamba pa nsonga ya phiri kapena pankhope ya mwana. Thambo la mtundu umodzi wopepuka limalola zilembo zakuda kuwerengeka munthu ali patali.

Kusankha mitundu nakonso kuli ndi chifukwa chake. Mukayang'ana mapiri akutali, amaoneka otuwa ndi a buluu chifukwa cha mpweya ndi fumbi zimene zili pakati pa inu ndi iwo, pamene mtengo wapafupi umaoneka woderako ndi wooneka bwino. Maso athu anazolowera zimenezi, choncho pepala lopepuka likakhala kumbuyo, loderako kutsogolo, kuya kumabwera kokha. Mwana wosauzidwa amadula phiri ndi pepala lakuda bii, poganiza kuti chinthu chachikulu chiyenera kukhala cholimba mtundu. Phiri lotero limalumphira kutsogolo n'kumeza ana awiri aja. Chofiira chasungidwira zikwama zokha kuti diso likangofika pachikuto, liyambire pa anawo, litsatire msewu, likathere pa dzina la magazini.

Ndimaona kuti mfundo yopulumutsa kwambiri ndi ya kupatsa msana ija. Nkhope ndi yovuta kudula. Diso la munthu wa masentimita 10 limakhala kadontho kosagwirika ndi zala, ndipo likapendekera pang'ono nkhope yonse imaoneka yodabwa. Munthu woonedwa kumbuyo amangofunika mutu, khosi, yunifolomu, miyendo ndi chikwama, zidutswa zazikulu zimene mwana wa Sitandade 7 angadule bwinobwino. Ubwino wina ndi wakuti wophunzira aliyense woona chikutocho angathe kunena kuti ndi iyeyo. Lamulo lothandiza n'lakuti kachidutswa kalikonse kasachepere mamilimita 3 m'lifupi, popeza kopyapyala kuposa pamenepo kamang'ambika kakakhudzana ndi guluu.

Nanga kukula? Magazini ambiri a sukulu amakhala a A4, ndiye kuti mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Koma ndi bwino malangizo anene kuti ntchito ichitikire pa A3, mamilimita 297 ndi 420. Mapepala awiriwa ndi ofanana kaumbidwe, kotero chithunzi cha A3 chimachepetsedwa kufika pa 71 peresenti n'kukwana ndendende pa A4. Zala zimagwira momasuka pa zidutswa zazikulu, ndipo pochepetsa, timabampu ta sizasi timazimiririka. Tengani manila wamkulu kuposa A3, lembani malire ndi lula, ndipo thambo, phiri ndi minda zipitirire mzerewo ndi sentimita imodzi mbali zonse. Osindikiza amadula mapepala ambiri nthawi imodzi, mpeni wawo umatha kuphonya pang'ono, n'chifukwa chake amapempha kuti chithunzi chisefukire mamilimita 3 kunja kwa malire. Chikathera pamzere penipeni, m'mphepete mwa chikuto mumatuluka kamzere koyera.

Mapepala ake sikuti mpaka akagulidwe onse. Thumba la simenti, mukalisenda n'kutenga pepala lam'kati loyera bwino, limapereka mtundu weniweni wa msewu wa dothi. M'kati mwa maenvelopu ena muli timizere ta buluu tokhoza kukhala yunifolomu. Makalendala akale ali ndi malo aakulu a mtundu umodzi. Chofunika kusamala nacho ndi kupyapyala. Pepala wamba la fotokope, la magalamu 80 pa sikweya mita, limamwa madzi a guluu n'kuchita makwinya, ndipo makwinyawo amaonekera kwambiri pachithunzi chojambulidwa. Zidutswa zazikulu monga phiri zikhale za manila, kapena pepala lopyapyalalo liyambe lamatidwa pa manila n'kuumitsidwa pansi pa mabuku olemera, kenaka lidulidwe. Guluu apakidwe pang'ono, pakati pa chidutswa, m'mphepete musiyidwe momasuka. Mapepala onyezimira apewedwe chifukwa amabweza kuwala, komanso aja owala kwambiri ngati zolembera zodindira mawu m'buku, chifukwa inki ya osindikiza siyitha kuwatulutsa monga alili. Amatuluka ofwifwa.

Tsono mthunzi, umene ndi moyo wa chithunzi chotere. Kuti pepala liponye mthunzi pa linzake, liyenera kutukuka pang'ono. Dulani timabwalo ta katoni, tating'ono kuposa chala chachikulu, mumate kuseri kwa chidutswa, kutali ndi m'mphepete kuti tisaoneke. Phiri ligone pathambo popanda katoni, pakuti chinthu chakutali sichifunika mthunzi wolimba. Mzere uliwonse wa tiyi ukhale pa katoni mmodzi, ana aja pa makatoni awiri osanjikiza. Mukatukula zonse mofanana, mithunzi imafanana, ndipo chakutali ndi chapafupi sizisiyana.

Apa m'pamene mawu aja akuti kuwala kuchokere kumanzere amagwira ntchito. Chikuto chenicheni chimene owerenga adzagwire si mapepala omatawo ayi, koma chithunzi chake. Mukachiika pa sikana, chivindikiro chimapsinja makatoni, kuwala kumabwera kofanana paliponse, ndipo pa masikana ambiri otsika mtengo chilichonse chosakhudza galasi chimatuluka chosaoneka bwino. Foni imachita bwino kuposa pamenepo. Yalani ntchitoyo pansi pafupi ndi zenera, pamthunzi, zenera likhale kumanzere kwa chithunzi. Zimitsani magetsi a m'chipinda ndi kuwala kwa foni. Foni ikhale pamwamba penipeni, yogona mofanana ndi pepala. Mukaona kuti mbali ya pamwamba ya chithunzi yachepa kuyerekeza ndi ya pansi, ndiye kuti foni yapendekeka. Dzuwa lowomba mwachindunji limapanga mithunzi yakuda kwambiri yobisa mitundu, pamene kukachita mitambo yambiri mithunzi imasoweratu.

Osindikiza amafuna madontho 300 pa inchi, zomwe pa A4 zikutanthauza chithunzi cha mapikiselo 2480 ndi 3508. Foni ya mamegapikiselo 12 imakwanitsa zimenezi ngati ntchitoyo yadzaza pafupifupi chithunzi chonse. Ngozi imabwera potumiza. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, ndipo chikasindikizidwa m'mphepete mwa zidutswa mumaoneka mophwanyika. Chitumizeni posankha Document, kapena chikaperekedwe pa fulashi.

Pali kuyesa kumodzi kumene ndingakonde kuti kuchitike guluu asanatsegulidwe. Zidutswa zonse zikayalidwa, jambulani ndi foni n'kuchotsa mitundu kuti chithunzi chikhale chakuda ndi choyera. Sukulu zambiri zimathera pa fotokope ndalama za chikuto cha mitundu zikasowa, koma ngakhale zilipo, kuyesaku kumaulula zobisika. Chofiira ndi chobiriwira zimasiyana kwambiri m'maso, koma zikachotsedwa mtundu zimatha kukhala zotuwa mofanana, ndiye zikwama zija zimamira m'munda wa tiyi. Zikatero, sunthani anawo kuti zikwama zigwere pamsewu wopepuka uja, kapena sinthani mzere wa tiyi wapafupi ukhale woderapo kwambiri. Mukatha, chepetsani chithunzicho pafoni mpaka chikhale chaching'ono kwambiri. Ngati phiri, msewu ndi ana zikuzindikirikabe, mungathe kumata.

Ena angadandaule kuti malangizo otere akumanga manja a ana. Ine sindikuona choncho. Sananene mmene nsonga za phiri zikhotere, kaya mtsikana ameta kapena waluka tsitsi, kaya tiyi adulidwa ndi sizasi kapena ang'ambidwa ndi manja kuti m'mphepete mukhale mwaubweya. Perekani pepala lomwelo kwa magulu atatu, mudzalandira zikuto zitatu zosiyana, zonse zokhala ndi malo a dzina. Sukulu ya ku Nkhotakota ingasinthe phiri kukhala nyanja, tiyi kukhala mchenga ndi mabwato, ana kukhala akuyenda m'mbali mwa madzi. Ya mu Lilongwe ingaike nyumba zazitali kumbuyo, mitengo pakati, minibasi kutsogolo. Ndipo ngati kalabu ili ndi ana ambiri, gawani ntchito potsata masanjidwewo: awiri atenge thambo ndi phiri, atatu minda, mmodzi msewu, ndipo wa dzanja lokhazikika kuposa onse apatsidwe ana ndi zikwama zawo.