Walanti ya filiji: zimene imalipira ndi zimene imakana

Ogula ambiri amaganiza kuti chiphaso cha walanti ndi lonjezo lakuti katundu akawonongeka m'njira ina iliyonse, sitolo idzawapatsa wina. Zoona zake n'zakuti walanti imateteza wogula ku zolakwika zochokera ku fakitale zokha, ndiponso kwa nthawi yoikika.

Chitsanzo chabwino ndi filiji yogulidwa pa 10 Marichi 2024, yomwe chiphaso chake chikunena kuti filiji yonse ili ndi walanti ya miyezi 12, koma kompuresa, injini yomwe imapopa gasi woziziritsa, ili ndi zaka 5. Masiku amawerengedwa kuyambira tsiku la pa lisiti, osati tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito. Chipangizo choyang'anira kuzizira chikafa mu Meyi 2025, mwini wake adzalipira yekha, pakuti miyezi 12 idatha mu Marichi. Ikafa kompuresa mwezi womwewo, adzalandira ina kwaulere. Komabe ziphaso zambiri zimati pa zaka zowonjezerazo chaulere ndi chipangizo chokha, ndipo malipiro a mmisiri, gasi ndi mayendedwe zimagwera mwini filiji.

Chiphaso pachokha sichikwanira popanda umboni wakuti katunduyo adagulidwadi. Pamafunika lisiti losonyeza dzina la sitolo, tsiku ndi mtundu wa filiji. Nambala yapadera ya filijiyo, yomwe imamatidwa kumbuyo kapena m'kati mwake, iyenera kufanana ndi yolembedwa pa chiphaso, ndipo pomwe pali malo a chidindo cha sitolo, chidindocho chidindidwe wogula asanatuluke. Malisiti a pa makina amafufutika akakhalitsa kapena akakhala pa dzuwa, choncho ndi bwino kuwajambula ndi foni tsiku lomwelo.

Chimene chimaphetsa walanti kawirikawiri ndi kuitana mmisiri wa m'dera kuti ayambe waona vuto. Akangodula mapaipi a gasi kapena kusintha mawaya, amisiri ovomerezeka amazindikira poona zowotcherera zatsopano, ndipo kampani imakana kukonza. Chachiwiri ndi magetsi obwera mwamphamvu pambuyo pa kuthima. Mawaya kapena zipangizo zopserera zimaulula chomwe chidachitika, ndipo ziphaso zambiri sizilipira kuwonongeka kotere, n'chifukwa chake kachipangizo koteteza filiji ku mphamvu ya magetsi n'kofunika. Chachitatu ndi kugwiritsa ntchito filiji ya pakhomo pa malonda, monga mu golosale kapena malo omwera, zomwe makampani ambiri salola.

Filiji ikasiya kuzizira walanti isanathe, mwini wake aizimitse, asalole wina kuitsegula, ndipo akanene kusitolo atatenga lisiti ndi chiphaso. Apemphe kalata yosonyeza tsiku lomwe wadandaula, chifukwa ndiyo idzachitire umboni kuti vuto lidayamba nthawi isanathe. Ngati sitolo ikukana popanda chifukwa chomveka, dandaulo lingapite ku bungwe la CFTC, lomwe limaona za chilungamo pa malonda m'dziko muno.