Uthenga umene umafika Lolemba lisanafike

Kalata yomuuza munthu kuti walembedwa ntchito imatchula udindo, malipiro ndi tsiku loyamba. Koma kalata imeneyi simuuza kuti geti lolowera ndi liti, kuti mlonda akamufunsa atchule dzina la yani, kapena kuti nkhomaliro anthu amadyera kuti. Mafunso otere ndiwo amamusowetsa tulo wolembedwa kumene, ndipo ambiri amachita manyazi kuwafunsa poopa kuoneka ngati mbuli ntchito asanayambe n'komwe. Amene angamuchotse nkhawa imeneyi ndi bwana wake, polemba uthenga waufupi womulandira kudakali masiku angapo.

Titenge chitsanzo cha mtsikana wa ku Dedza amene wapeza ntchito ya ukalaliki pa kampani ina yosunga katundu ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe. Mafunso anayesedwa m'chipinda cha hotelo m'tauni, choncho kumalo antchito kwenikweniko sanafikeko. Wafikira kwa azakhali ake ku Kawale, ndipo kalata yake ikungoti ayambe Lolemba. Kuchokera ku Kawale ayenera kukwera kawiri: woyamba mpaka ku depoti, kenako minibasi ya msewu wa M1 yolowera kumpoto. Akatsika ku Kanengo apeza mipanda italiitali yofanana, mageti opanda zikwangwani zooneka, ndipo ikakhala nyengo yogulitsa fodya, mzere wa malole umabisa ngakhale zikwangwani zomwe zilipozo. Munthu wotereyu akhoza kudzuka 4 koloko m'bandakucha n'kufikabe mochedwa, atazungulira mpanda ndi thukuta.

Mkulu wa gawo lake, mayi amene wagwira ntchito pamalopo zaka zambiri, akumutumizira uthenga Lachitatu masana. Atatha kumupatsa moni pomutchula dzina la bambo ake, ndi kudzitchula yekha, akulemba motere:

“Mayi, takulandirani. Ine ndi amene muzigwira nane ntchito tsiku ndi tsiku. Lolemba mufike 7:30 m'mawa pa geti laling'ono la anthu oyenda pansi, osati lalikulu la malole. Alonda ndawapatsa kale dzina lanu, ndipo ndidzakutengani ndekha pagetipo. Mubweretse chiphaso cha unzika, masatifiketi anu enieni, nambala ya akaunti ya ku banki, ndi dzina ndi foni ya m'bale amene tingamuimbire pakagwa zadzidzidzi. Muvale nsapato zotseka chifukwa tidzazungulira m'nyumba yosungira katundu. M'mawa tidzalemba mafomu ndi kukuonetsani anzanu, masana mudzakhala ndi amene mukumulowa m'malo. Nkhomaliro ya tsiku loyamba ndi ya ife. Malipiro anu oyamba adzatuluka kumapeto kwa mwezi uno. Palibe ndalama iliyonse imene muyenera kulipira kwa wina aliyense. Mukasokera kapena mukachedwa, imbani nambala inoyi. Chonde ndiyankheni kuti mwaulandira.”

Uthengawu ndi waufupi, moti umakwana pagalasi la foni osatsitsa kangapo, koma chiganizo chilichonse chikutseka dzenje limene wina anagweramo kale.

Tsiku lotumizira lili ndi chifukwa chake. Uthenga wa Lachisanu madzulo umafika mabanki ndi maofesi atatseka, ndipo ngati satifiketi inatsala m'sutikesi kumudzi, mwayi woituma pa basi umakhala utachepa. Wotumizidwa kudakali masabata atatu umakwiririka pansi pa mauthenga a magulu a mpingo ndi a maliro. Masiku atatu kapena asanu amapatsa munthu mpata wotsegula akaunti ngati alibe, kufufuza zikalata, ngakhale kukayesa njira Loweruka kuti aone ulendo wake umadya nthawi yotani. Wolemba ayeneranso kusuzumira pa kalendala asanatchule Lolemba. Kuno tsiku la tchuthi likagwa Loweruka kapena Lamulungu, tchuthicho chimasunthira ku Lolemba. M'chaka cha 2025, tsiku la ufulu wodzilamulira la 6 Julaye linagwa Lamulungu, ndipo aliyense amene anauzidwa mosaganizira kuti akayambe Lolemba pa 7 Julaye akanakapeza maofesi ali otseka.

Nkhani ya geti ndi mlonda imaoneka yaing'ono kwa amene anazolowera pamalo. Iye amangolowa, mlonda n'kumupatsa moni. Koma mlondayo anauzidwa kuti asalowetse munthu wosamudziwa, makamaka atanyamula envulopu ya khaki, poti ofuna ntchito amabwera tsiku lililonse. Ndiye chiganizo choti “alonda ndawapatsa kale dzina lanu” chiyenera kukhala choona. Bwana akalemba zimenezi koma osapita kukanena pageti, mtsikana uja aima padzuwa pamodzi ndi ofuna maganyu, akufotokoza kuti iye analembedwa kale, mlonda akumuyankha kuti onse amatero.

Mawu oti “mudzafunse a ku ofesi” nawo sathandiza. Ofesi si munthu. Uthenga wabwino umatchula munthu mmodzi ndi nambala imodzi imene iyankhidwe m'mawa umenewo, ndipo ngati bwanayo akudziwa kuti adzakhala ku msonkhano, amatchula womuimira.

Pa zikalata, choyenera n'kupempha zokhazo zimene zidzagwire ntchito tsikulo. Chiphaso cha unzika, chomwe bungwe la NRB linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2017, ndicho chimafunika pafupifupi pa fomu iliyonse. Nambala ya akaunti ndi ya malipiro. Ngati munthuyo anagwirapo ntchito kwina, ndi bwino kumuuza abweretsenso zokhudza penshoni yake yakale ndi nambala ya msonkho ya TPIN ngati ali nayo, popeza lamulo la penshoni limafuna kuti wolemba ntchito aziika ndalama zosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito naye n'kuika zosachepera 5, ndipo a ku ofesi ya malipiro amafuna kudziwa kumene ndalama zakalezo zili. Chosayenera n'kumuuza kuti ajambule zikalata zonsezi n'kuzitumiza pa WhatsApp. Chithunzi cha chiphaso chikalowa m'foni ya munthu chimakhalamo zaka, ndipo foniyo imabwerekedwa, imagulitsidwa, imabedwa. Abwere nazo m'manja.

Chiganizo chimene mabwana ambiri amachidumpha ndi cha malipiro oyamba, mwina poganiza kuti kukamba za ndalama n'kuwononga moni. Komatu ndi chimene wolembedwayo amachiwerenga kawiri. Mtsikana wathu uja ali ndi maulendo anayi a minibasi tsiku lililonse, ndipo ndalama yake ndi yobwereka. Makampani ambiri amatseka mndandanda wa malipiro mwezi usanathe, kotero woyamba ntchito mndandandawo utatsekedwa akhoza kudikira mpaka kumapeto kwa mwezi wotsatira. Akadziwiratu, amakambirana ndi azakhali ake kudakali nthawi. Akapanda kudziwa, amazindikira pa 30 anzake akumwetulira ndi mauthenga a ku banki, iye foni ili zii, ndipo njira yotsala imakhala ya katapila. Ngati kampani imapereka kangachepe kogwirizira woyamba kumene, pano ndi pamalo ponenera. Ngati siipereka, kunena tsiku lenileni lolandira n'kokwanira.

Nkhomaliro ili m'gulu lomwelo. Malo ena ali ndi kantini, ena anthu amasonkha mmemo, ena aliyense amatuluka kukadya chiimirire kuseri kwa mpanda. Mlendo sadziwa kuti anyamule kontena kapena ndalama, ndipo sangafunse.

Tsono chiganizo choti palibe cholipira chikudzeranji mu uthenga wolandira munthu? Chifukwa uthenga weniweni umafika m'foni momwe mumafikanso a akathyali. Anthu ambiri anaberedwapo ndi uthenga wowauza kuti apeza ntchito, koma ayambe atumiza ndalama ya yunifolomu, ya fomu kapena ya kuchipatala kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Woberedwapo, kapena amene m'bale wake anaberedwapo, amakayikira nambala iliyonse yachilendo. Uthenga woona umadziwika ndi zinthu zingapo zosavuta: umachokera kwa munthu amene anaonekera pa mafunso kapena amene dzina lake lili m'kalata, umagwirizana ndi kalatayo pa udindo ndi tsiku, umatchula malo oti munthu akhoza kupitako n'kuwaona ndi maso, ndipo supempha ndalama kapena nambala yachinsinsi. Wolandira akakayikabe, aimbe nambala ya ofesi yomwe ili pamwamba pa kalata yake, osati imene yamutumizira uthengayo.

Palinso malire amene wolemba sayenera kulumpha. Uthenga wolandira si kontrakiti. Lamulo la zolembana ntchito la m'chaka cha 2000 limati wolemba ntchito amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza malipiro, maola, tchuthi ndi zina zotero pasanathe mwezi umodzi chiyambireni ntchito. Limalolanso nthawi yoyeserera kwa wantchito waluso, yosapitirira miyezi 12. Zimenezi malo ake ndi m'chikalata chosainidwa. Bwana wokoma mtima amene amalemba pa foni kuti “musadandaule, pakatha miyezi itatu tikukwezerani” wapereka lonjezo limene mwina alibe mphamvu yolikwaniritsa, ndipo uthengawo sufufutika. Tsiku lina udzawerengedwa mokweza pamaso pa a ofesi ya zantchito. Chimodzimodzi, uthengawu usasemphane ndi kalata: ngati kalata inati 8 koloko ndipo uthenga ukuti 7:30, wolemba afotokoze kuti kusinthako ndi kwa tsiku loyamba lokha.

Ena amalakwa mbali inayo. Amamata buku lonse la malamulo a kampani, masamba makumi angapo, n'kunena kuti aliwerenge asanabwere. Kumeneko n'kumupatsa munthu ntchito malipiro asanayambe, ndiponso kumudyera bandulo. Bukulo lidikire Lolemba.

Kaya uthenga upite pa imelo kapena pa foni, zimatengera munthu. Kalaliki wathu uja imelo amatsegula mwa apo ndi apo, koma WhatsApp amaiona bandulo ikakhalapo. Dalaivala kapena wonyamula katundu amene ali ndi foni ya mabatani amafunika uthenga wamba, ndiponso kumuimbira. Chilankhulo nachonso chisankhidwe poganizira wowerenga: kalata ya ofesi ikhoza kukhala ya Chingerezi, koma malangizo a geti ndi nsapato amamveka bwino m'chinenero chimene awiriwo adzalankhulane akakumana. Ulemu usachepe ngakhale wolembedwayo ali msinkhu wa mwana wa bwanayo. “Inu” ndi “mayi” kapena “bambo” ndiwo mawu oyambira, zoitanana maina zidzabwera zokha akazolowerana.

Pempho lomaliza lija, loti ayankhe, limathandiza wolemba kuposa wolandira. Yankho likabwera, bwana amadziwa kuti nambala ndi yolondola ndipo munthu akubweradi. Likapanda kubwera pofika Lachisanu m'mawa, aimbe. Mwina foni inabedwa, mwina kwagwa zovuta kumudzi, mwina munthuyo wapeza ntchito kwina ndipo akusowa poyambira kunena. Pa chitsanzo chathu, mtsikana uja akuyankha Lachitatu lomwelo usiku, akuthokoza, kenako akufunsa ngati kalata ya ku sukulu ingakwanire poti satifiketi yeniyeni sinatuluke. Mayi aja akumuuza kuti abwere nayo yomweyo, ndipo m'mawa mwake akudutsira pageti kukasiya dzina lake kwa alonda.