Aphunzitsi a patitaimu asamapeze chitseko chotseka

Makolo anzanga, sabata ino tikambirane nkhani imene imaoneka yaing'ono koma yadanitsa anthu ambiri. Mwapeza mphunzitsi woti azithandiza mwana wanu masamu kunyumba, kapena kumuphunzitsa kiyibodi kaya gitala. Tsiku la phunziro lafika, mwadzidzidzi kwagwa zina. Kodi mumatani?

Mayi wina wa ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre, anabwera kwa ine akudandaula kuti aphunzitsi a mwana wake asintha. Mwanayo ali mu Sitandade 8 ndipo mayeso a Maneb anali atayandikira. Aphunzitsiwo amachokera ku Ndirande, amabwera Lachitatu ndi Loweruka, maphunziro asanu ndi atatu pamwezi, malipiro K40,000. Ndiye kuti phunziro limodzi ndi K5,000.

Loweruka lina m'bandakucha banjali linalandira uthenga wa maliro ku Chiradzulu. Onse ananyamuka. Mayi ankaganiza kuti bambo aimbira aphunzitsi, bambonso ankaganiza kuti mayi aimba. Aphunzitsi anakwera maminibasi awiri, n'kupeza loko pachitseko. Kutha kwa mwezi mayi uja anachotsa K5,000, ati phunziro silinachitike. Aphunzitsi analandira osanena kanthu, koma kuyambira pamenepo anayamba kufika mochedwa, ndipo posakhalitsa anati Loweruka lawo latengedwa ndi banja lina.

Ndinamuuza mayiyo kuti maliro sanalakwitse kanthu. Palibe Mmalawi amene angakwiye chifukwa mwapita kumaliro. Chimene chinawawa aphunzitsi ndi kusauzidwa, ndiponso kudulidwa ndalama pamwamba pake. Taganizani: tinene kuti ulendo wopita ndi kubwera unawadyera K3,000. Ola limenelo anasungira mwana wanu, mwina anakana banja lina. Tsiku limenelo sanangolephera kupeza K5,000, anatulutsanso K3,000 ya m'thumba mwawo.

Choncho chinthu choyamba ndi kudziwitsa msanga. Mukangodziwa kuti phunziro silitheka, imbani nthawi yomweyo, musadikire kuti mwina zinthu zisintha. Ndipo imbani ndithu, osati kufulasha. Kufulasha munthu amene mukufuna kumupepesa ndiye kuti alipire yekha kuti amve nkhani yoipa. Ngati aphunzitsiwo ali m'kalasi ndipo sakuyankha, lembani uthenga, kenaka yesaninso kuimba mpaka mutsimikize kuti amva. Uthenga ukhoza kukhala m'foni yozima pamene mwini wake ali kale pasiteji. Musatume mwana, musasiyire wantchito kuti akawauze pageti. Amene munapangana nawo ndinu, ndiye mawu achoke pakamwa panu. Inu a pabanja gwirizanani lero lomwe kuti woimba ndani, kuti zisamakhale za "ndimayesa mwaimba ndinu".

Mawu ake safunika kuchuluka. Mutha kunena kuti: "Aphunzitsi, pepani kwambiri, tagwa m'maliro ndipo tikunyamuka pompano. Lero musavutike kubwera. Ndalama ya lero sitichotsa. Tikabwerako ndikuimbirani kuti tione tsiku lina." Onani kuti muli zinthu zinayi: kupepesa, chifukwa chake mwachidule, za ndalama, ndi za tsiku lina. Ambiri amaiwala chachitatucho, ndipo mphunzitsi amachita manyazi kufunsa. Amangosunga mumtima.

Chifukwa chimene mukupereka chikhale choona. Musanene kuti mwana akudwala pamene mukupita kuukwati. Ana sasunga chinsinsi. Lachitatu lomwelo adzafotokozera aphunzitsi za keke ndi magule, ndipo tsiku limene adzadwaledi, mawu anu adzakhala opepuka. Ngati chifukwa chake ndi cha m'nyumba, ingonenani kuti kwagwa za pabanja. Zimenezo n'zokwanira.

Tsopano za ndalama. Ine ndimalangiza motere. Ngati mwawauza dzulo lake kapena kale, mphunzitsi ali ndi mpata wokonza zina, ndiye phunzirolo likhoza kungosunthidwa popanda wina kutaya kanthu. Ngati mwawauza tsiku lomwelo koma asananyamuke, lipirani, chifukwa ola lawo sangaligulitsenso kwa wina. Akanena okha kuti adzabwezera phunzirolo, thokozani, koma musachite kulamula. Ngati anyamuka kale kapena afika pakhomo, lipirani phunziro lonse, ndipo musayembekeze kuti abwerenso tsiku lina mwaulere. Akabweranso, thiransipoti ya ulendo wachiwiriwo ndi yanu. Walira mvula walira matope: mwafuna mphunzitsi wobwera pakhomo, landiraninso kuti nthawi yake ili ndi mtengo.

Wina anena kuti, "Amayi, nanga pamaliro ndalama zimakhalapo?" Zoona, nthawi zina sizikhalapo. Pamenepo nenani poyera: "Aphunzitsi, panopa zandithina, ya lero ndidzapereka pa 30." Lonjezo lokhala ndi tsiku munthu amalimvetsa. Chimene chimapweteka ndi kungokhala chete n'kudzapereka envulopu yopelewera.

Pokonza tsiku lobwezera, kumbukirani kuti wopempha ndinu. Tchulani masiku awiri amene mwana ali ndi mpata, aphunzitsi asankhe okha. Akati sabata imeneyo ndi yodzaza, musaumirire. Pemphani kuti amupatse mwana ntchito yochita payekha, kaya ndi masamu khumi, kaya nyimbo yoti aziyeserera pakiyibodi mphindi makumi awiri patsiku. Pa zoimbaimba izi n'zofunika kwambiri, chifukwa zala zikakhala sabata ziwiri osagwira chida, phunziro lotsatira limathera kubwereza zakale.

Pa nkhani ya matenda ndilankhule ngati namwino. Mwana akatentha thupi madzulo, musanene kuti tiona m'mawa. Adziwitseni aphunzitsi usiku womwewo kuti mawa zikhoza kulephereka, ndipo mudzatsimikiza pofika 7 koloko. Mwana wotentha thupi malo ake ndi kuchipatala kukayezetsa malungo, osati patebulo la masamu. Ngati ndi matenda opatsirana monga katsabola, chikuku kapena maso ofiira, auzeni aphunzitsi dzina la matendawo. Iwo amalowa m'nyumba zambiri, mwinanso kwawo kuli khanda kapena mayi woyembekezera. Katsabola amapatsirana mpaka matuza onse atauma n'kuchita nkhanambo, choncho musalonjeze kuti mkuja mwana akhala bwino. Mphunzitsi wanzeru adzakuthokozani pomuchenjeza.

Mudzadziwa bwanji kuti ubale wayamba kuwonongeka? Mphunzitsi amene kale ankakufotokozerani mmene mwana akuchitira, tsopano ola likangokwana wanyamuka. Ayamba kupempha ndalama mwezi usanayambe. Nthawi yabwino ija aipereka kwa ena. Mukaona zotere, dzifunseni kuti mwalepheretsa kangati. Kamodzi pa teremu ndi ngozi. Katatu pamwezi ndiye kuti tsiku limene munasankha silikukuyenerani, ndipo ndi bwino kukhala pansi n'kulisintha.

Mayi wa ku Chilomoni uja ndinamuuza apite yekha, osati paulendo wina, akapepese. Anatenga K8,000, ya phunziro ndi ya minibasi. Aphunzitsi poyamba anakana, koma mayiyo anati, "Landirani, tinakulakwirani ndife." Loweruka silinabwerere chifukwa linali litapita kale kwa ena, koma anamupezera mwanayo Lachisanu madzulo mpaka analemba mayeso. Tsiku lomwelo anagwirizananso za mtsogolo, n'kulemba kuchikuto cha kope la mwana: kudziwitsa dzulo lake, phunziro lisunthidwa, kudziwitsa tsiku lomwelo, lilipidwa, aphunzitsi akalephera okha, adzabwezera.

Inunso amene mwangoyamba kumene ndi mphunzitsi, kambiranani zimenezi pa tsiku loyamba, mitima ikadali yoyera. Tikumanenso Lamulungu likudzali.