Jini ili m'thupi lonse, nanga bwanji ikupweteka magazi okha?

Mwana wa ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, akapezeka ndi matenda a sikoselo pa chipatala chachikulu cha Zomba, makolo amamva kuti vuto lili m'magazi. Nzoona, koma jini yolakwikayo ili m'khungu, m'chiwindi ngakhale mu ubongo, chifukwa thupi lonse lidachokera ku selo limodzi. Imavulaza magazi popeza ndi maselo opanga magazi ofiira amene amaitsegula kuti apange himogulobini. M'maselo enawo DNA ya pamalopo idakulungidwa zolimba, ngati ukonde wopindidwa m'bwato: ulipo wonse, koma sugwira matemba. Maselo amasiyana potero, pa majini otsegulidwa ndi otsekedwa.

Kusankhaku kumachitika m'mafuta a m'mafupa, momwe muli maselo oyambitsa ena. Selo lotere likagawika, lina limatsala monga lidalili kuti mbewu isathe, lina limayamba kusintha pang'onopang'ono. Mkati mwake mapulotini awiri, GATA1 ndi PU.1, amalimbana. GATA1 ikachuluka imatsegula majini a himogulobini n'kupondereza inzakeyo, ndipo selolo limalowera ku magazi ofiira, PU.1 ikapambana, limalowera ku maselo oyera olimbana ndi tizilombo. Malungo akaphwanya maselo ofiira, impso zimazindikira kuti mpweya wachepa ndipo zimatumiza uthenga woti achuluke. Ngakhale mwa munthu wamkulu wathanzi, amapangidwa oposa 2 miliyoni pa sekondi, poti lililonse limakhala masiku pafupifupi 120 okha.

Wina angatsutse kuti selo lofiira likakhwima limataya phata lake pamodzi ndi DNA, choncho mwina maselo onse amataya majini amene sawafuna. Lofiiralo limatayadi, koma limatero litasankha kale njira, ndipo ambiri satero. Mu 1962 John Gurdon wa ku Oxford adasonyeza kuti phata la selo la m'matumbo a mbululu, likaikidwa m'dzira la chule lochotsedwa phata, limatha kukula n'kukhala mbululu yathunthu. Mu 2006 Shinya Yamanaka adabweza maselo okhwima a mbewa ku chiyambi pogwiritsa ntchito majini anayi okha. Awiriwa adalandira mphoto ya Nobel mu 2012.

Kwa ine umboni wogwira mtima uli mwa mwana yemwe uja. Khanda la sikoselo nthawi zambiri limaoneka bwino miyezi yoyambirira, chifukwa likadali ndi himogulobini ya m'mimba, yochokera ku jini ina yopanda vuto. Pofika cha m'miyezi isanu ndi umodzi jiniyo imakhala ikutsekedwa, ndiye manja ndi mapazi amayamba kutupa ndi kupweteka. Mankhwala a haidirokisiyuriya amachulukitsanso himogulobini yaukhandayo, ululu n'kuchepa. Sachiza matendawa, poti jini yolakwika ikadali m'maselo oyambitsa aja, ndipo mwana wowamwa ayenera kuyezedwa magazi pafupipafupi chifukwa amatha kuchepetsa maselo oyera.