Chifuwa chikamathina pokwera chitunda

Titenge bambo wa zaka 55 amene chifuwa chimamuthina akamakwera chitunda, koma akaima pang'ono ululu n'kutha. Dokotala amayamba kukayikira mitsempha yodyetsa mtima, kuti mwina mafuta aichepetsa njira. Zoyezera zilipo zitatu, koma chilichonse chili ndi funso lake.

Chotchipa ndi kumuyendetsa pa makina a lamba atamumata timawaya ta ECG pachifuwa. Mphindi zitatu zilizonse lambayo amawonjezera liwiro n'kupendekekanso. Amafuna mtima ufike pa 85 peresenti ya liwiro lake lomaliza, lomwe amalipeza pochotsa zaka za munthu pa 220. Kwa bamboyu ndi 165, ndiye mtima ugunde ka 140 pa mphindi. Ululu uja ukabwera, gawo la ST pa mzere wa ECG n'kutsika ndi milimita imodzi, ndiye kuti mnofu wa mtima ukuperewera magazi. Vuto n'loti kuyezaku sikuonetsa mtsempha weniweniwo, ndipo mwa odwala atatu kumaphonya pafupifupi mmodzi. Wa nyamakazi ya m'maondo amene wagwa ulesi mtima uli pa 110 asanyadire pepala loyera. Mtima wake sunafunsidwe n'komwe.

CT ndiyo imaona mitsemphayo. Amapereka mankhwala otsitsa kugunda kwa mtima kufika cha m'ma 60, n'kubaya mankhwala a ayodini pamkono, munthu n'kugwira mpweya masekondi ochepa. Mphamvu yake ili pa kutsutsa: mitsempha ikaoneka yoyera, ululuwo kaufunireni kwina. N'chifukwa chake imayenera munthu amene sanadwalepo mtima, ngati bambo wathuyu. Kwa okalamba amene mitsempha yawo inauma ndi kashiamu, chithunzi chimawala mopitirira, kutsekeka n'kumaoneka kwakukulu kuposa mmene kulili. Ayodini nayenso sagwirizana ndi impso zofooka.

Nanga zitapezeka kuti mtsempha wina unatsekeka kalekale, ndipo mbali ina ya mtima sikupopa? Apa funso lasintha: kodi mnofuwo ndi wamoyo, kapena unasanduka chipsera? Iyi ndi ntchito ya MRI. Munthu amagona m'makina aphokoso pafupifupi ola lathunthu. Amamubaya gadoliniyamu, n'kudikira mphindi 10 mpaka 15. Mnofu wamoyo umakhala utachotsa mankhwalawo ndipo umaoneka wakuda, pomwe chipsera chimawasunga n'kuwala mbee. Malo ake amaululanso gwero: chipsera cha mtsempha wotsekeka chimayambira m'kati mwa khoma la mtima kupita kunja, koma chobwera ndi kutupa kwa mtima chimakonda pakati kapena kunja kwa khomalo.

Madokotala a opaleshoni amayang'ana kuya kwake. Chipsera chikadya zosakwana theka la khoma, kutsegula mtsempha kungadzutse mbaliyo. Chikapitirira theka, mwayi umakhala wochepa, ndipo nthawi zambiri amasankha kudalira mankhwala.