Amisiri a sikirini ya m'khitchini

M'malo ambiri odyera masiku ano, woperekera zakudya salembanso oda pa kapepala n'kuthamangira nako kukhitchini. Amangodina pa tabuleti, ndipo asanatembenuke n'komwe, oda ija yafika kale pa sikirini imene yapachikidwa pamwamba pa ophika: nkhuku ndi tchipisi mbale ziwiri, tebulo nambala 6. Ophika akamaliza amadina batani, ndipo sikirini ya kutsogolo imasonyeza kuti chakudya chapsa. Kuti zimenezi zitheke pamakhala anthu anayi kapena asanu amene kasitomala sawaona. Alipo wolemba pulogalamu ya pa seva, wokonza zooneka pa sikirini, woyang'anira maseva, komanso mmisiri wobwera ndi makwerero kudzapachika sikiriniyo ndi kulumikiza rauta. M'makampani aang'ono munthu mmodzi amasenza ntchito zonsezi.

Kale njira yofala inali yoti tsamba lizidzitsegulanso lokha pakapita masekondi angapo. Tiyerekeze malo odyera amene amatsegula maola 12 pa tsiku, ndipo sikirini yawo imafunsa seva masekondi 5 alionse ngati kwabwera zatsopano. Pofika madzulo yafunsa maulendo 8,640. Ngati tsamba lililonse ndi la makilobaiti 50, sikirini imodzi yokha yadya mamegabaiti 432, pamene maulendo ambiri yankho linali lakuti palibe chasintha. Kwa mwini bizinesi amene amadalira bando ya intaneti, imeneyi ndi ndalama yongotaya. Komanso oda imatha kudikira masekondi 5 isanaoneke, ndipo tsamba likamadzitsegulanso limaphethira, nthawi zina pamene wophika watambasula dzanja kuti adine batani.

Njira ya WebSocket inabwera kudzathetsa kufunsafunsaku. Dzinali linayamba kumveka mu 2008 pa zokambirana za Ian Hickson ndi Michael Carter, ndipo bungwe la IETF linasindikiza malamulo ake mu Disembala 2011 m'chikalata chotchedwa RFC 6455, cholembedwa ndi Ian Fette ndi Alexey Melnikov. Burawuza imayamba ngati ikupempha tsamba wamba, koma m'pempholo imaikamo mizere yopempha kuti kalankhulidwe kasinthe. Ina mwa mizereyo ndi iyi:

```
GET /khitchini HTTP/1.1
Upgrade: websocket
Connection: Upgrade
```

Seva ikavomera imayankha kuti `101 Switching Protocols`, ndipo kuyambira pamenepo mzere wolumikiza awiriwa umakhala wotseguka. Zili ngati foni imene munthu waimba koma osaidula: aliyense akakhala ndi mawu amangolankhula, osayambanso kuimba. Adiresi yake imayamba ndi `ws://`, kapena `wss://` ngati uthenga ukuyenda mobisika. Pa malo odyera aja, ngati maoda ndi 300 pa tsiku ndipo iliyonse imasintha kanayi, ndiye kuti mauthenga ndi 1,200. Uthenga uliwonse ukakhala wa mabaiti pafupifupi 100, tsiku lonse limatha ndi makilobaiti 120, osawerengera timauthenga ting'onoting'ono tosonyeza kuti mzere udakali wamoyo.

Kutsegula mzerewu si ntchito yovuta. Wophunzira amene wangoyamba kumene kulemba mapulogalamu angathe kutero masana amodzi, pogwiritsa ntchito zida zokonzedwa kale monga Socket.IO, imene anayambitsa Guillermo Rauch mu 2010, kapena Action Cable imene inabwera ndi Rails 5 mu 2016. Chimene amisiri amalandirira malipiro ndi kudziwa chochita mzere ukaduka.

Sikirini yakale ija inali ndi ubwino umodzi umene anthu anauzindikira ataisiya. Intaneti ikaduka, tsamba linkakana kutseguka ndipo aliyense ankaona kuti chinachake chalakwika. Ikabwerera, tsamba linkatenga mndandanda wonse watsopano, popanda chosowa. Sikirini ya WebSocket ikaduka imangokhala phee, ikuoneka bwinobwino, maoda akale ali pomwepo. Wophika sangasiyanitse khitchini imene kulibe makasitomala ndi khitchini imene sikirini yafa. Amadzazindikira woperekera zakudya atasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti, kodi achimwene, nkhuku ya tebulo 6 ija ili pati?

Apa ndi pamene ntchito ya wolemba pulogalamu ya pa seva imaonekera. Wodziwa ntchito satumiza uthenga asanausunge. Oda ikasintha, amayamba walemba kusinthako mu detabesi, kenako n'kulengeza, ndipo uthenga uliwonse amaupatsa nambala yotsatana ndi unzake:

```
{"seq": 812, "oda": 57, "gawo": "yatsopano"}
```

Tiyerekeze kuti sikirini ya m'khitchini yalandira uthenga 812, kenako magetsi athima. Sikiriniyo ndi tabuleti ya batire, choncho sinazime, koma rauta yazima ndipo papita mphindi ziwiri jenereta isanalire ndi rauta isanadzuke. Woperekera zakudya akugwiritsa ntchito foni ya deta yakeyake, ndiye iye akupitiriza ntchito. Mu mphindi ziwirizo seva yatulutsa mauthenga atatu: 813 ndi oda yatsopano, 814 ndi kasitomala wa oda 57 amene wasintha maganizo, sakufunanso nkhuku koma chambo, ndipo 815 ndi oda inanso yatsopano. WebSocket payokha sisunga mauthenga a munthu amene palibe. Rauta ikadzuka, sikirini yolembedwa mwaulesi imangolumikizanso n'kuyamba kumvera kuchokera pa 816. Maoda awiri asowa, nkhuku yosafunidwa yawotchedwa, ndipo aliyense akuloza mnzake chala.

Sikirini yolembedwa bwino ikalumikizanso imanena kaye pamene inalekezera, kuti ndinali pa 812. Seva imatenga 813, 814 ndi 815 mu detabesi n'kutumiza motsatana. Amisiri ena amasankha njira yachidule: ikangolumikizanso, sikirini imapempha mndandanda wonse wa maoda amene sanathe, ngati momwe tsamba lakale linkachitira, kenako n'kupitiriza kumvera. Nambala zija zimathandizanso pa zinthu zina ziwiri. Uthenga 814 ukafika kawiri, sikirini imadziwa kuti inauona kale ndipo imautaya. Ikalandira 820 pamene womaliza unali 818, imadziwa kuti wina wasowa ndipo imaupempha.

Wokonza zooneka pa sikirini ali ndi mbali yake. Burawuza siilumikizanso yokha WebSocket ikaduka. Iye ndiye ayenera kulemba zimenezo, kapena kudalira chida chimene chimachita kale. Amakonza zoti sikirini iyesenso pakapita sekondi imodzi, ikalephera idikire masekondi 2, kenako 4, kenako 8, mpaka malire monga masekondi 30. Amaonjezeranso kanthawi kosiyanasiyana pa sikirini iliyonse, chifukwa seva ikazima n'kuyakanso, masikirini a nthambi zonse akhoza kuikhamukira nthawi imodzi n'kuigwetsanso. Chinthu chofunika kwambiri chimene amapanga n'chaching'ono: mzere wofiira pamwamba pa sikirini wonena kuti intaneti yaduka, ndi nthawi imene uthenga womaliza unafika. Wophika akauona amadziwa kuti atenge kapepala ndi cholembera.

Koma kuti mzere wofiirawo uyake, sikirini iyenera kudziwa kuti yaduka, ndipo nthawi zambiri siuzidwa. Rauta ikazima mwadzidzidzi palibe uthenga wotsanzika umene umatumizidwa, moti mbali zonse ziwiri zimatha kukhala nthawi yaitali zikuganiza kuti zidakali pamodzi. Mankhwala ake ndi kufunsana pafupipafupi. Malamulo a WebSocket ali ndi timauthenga totchedwa `ping` ndi `pong`, koma pulogalamu ya mu burawuza siitha kutiona, choncho amisiri ambiri amalemba tawotawo. Socket.IO ya masiku ano imatumiza funso lotere masekondi 25 alionse, ndipo yankho likapanda kubwera m'masekondi 20 imatenga kuti mzere wafa.

Woyang'anira maseva amakumana ndi vuto lina limene limasokoneza anthu atsopano pa ntchito. Pulogalamu imayenda bwino pa laputopu ya woilemba, koma ikaikidwa pa seva yeniyeni ophika amadandaula kuti sikirini imaduka masana, kukakhala zii, osati pa nthawi ya nkhomaliro pamene maoda ali mbwee. Munthu wozolowera amathamangira ku malekodi n'kuwerenga nthawi. Akapeza kuti mzere ukuduka patapita masekondi 60 ndendende chifikireni uthenga womaliza, ndipo burawuza ikusonyeza nambala `1006`, yotanthauza kuti mzere watsekeka popanda kutsanzika, amakayikira Nginx, pulogalamu imene imaima pakati pa intaneti ndi seva. Nginx inayamba kudutsitsa WebSocket mu 2013, koma ikapanda kusinthidwa imatseka mzere umene seva yakhala chete kwa masekondi 60. Amakweza nambala ya `proxy_read_timeout`, kapena kuonetsetsa kuti `ping` ikutumizidwa mphindi isanakwane.

Bizinesi ikakula, seva imodzi imachepa. Oda imatha kufika pa seva yoyamba pamene sikirini ya khitchini yalumikizidwa ku yachiwiri. Ambiri amaika Redis pakati kuti izimwaza uthenga ku maseva onse, koma kamwazidwe kake kotchedwa `Pub/Sub` nakonso sikasunga uthenga wa amene panalibe, ndiye detabesi ndi nambala zija zimafunikabe. Woyang'anirayu amaonetsetsanso kuti sikirini iliyonse yasonyeza chilolezo isanayambe kumvera, kuti khitchini ya nthambi ina isaone maoda ndi manambala a foni a makasitomala a nthambi inzake.

Si sikirini iliyonse imafuna zonsezi, ndipo mmisiri wachilungamo amauza bwana zoona. Sikirini yongoonetsa manambala kwa makasitomala odikira, imene siyankha kanthu, ingagwire bwino ntchito ndi njira yopepuka yotchedwa Server-Sent Events, imene burawuza imalumikizanso yokha n'kunena uthenga umene inalekezera. Sitolo yolandira maoda khumi pa tsiku siivutika ngakhale tsamba litamafunsa kamodzi pa mphindi.

Womaliza kufika ndi mmisiri wa makwerero uja, ndipo m'khitchini amapezamo zimene sizioneka pa laputopu. Mafiliji ndi mashelufu achitsulo amafooketsa netiweki ya wayalesi, choncho amakonda kukoka waya mpaka pa sikirini ngati n'kotheka. Tabuleti ikasiyidwa kuti izigona yokha imasiya kumva mauthenga, ndiye amaiika pa chaja n'kuiletsa kugona. Rauta amailumikiza ku kabatire kakekake. Asanachoke amapempha woperekera zakudya kuti akonzeke, n'kuzula waya wa rauta. Amadikira kuti mzere wofiira uyake, woperekera uja n'kutumiza maoda atatu pa foni yake ndi kusintha imodzi. Kenako amabwezera waya, n'kuima pambali pa ophika kuwerenga ngati onse atatu afika, motsatana, kamodzikamodzi.