Tchuthi cha bambo mwana akabadwa: ndani ayenera kuchilandira?

Amayi, mwina mudaonapo mnzanu akutuluka m'chikuta n'kuyamba kutunga madzi yekha chifukwa bambo akunyumba sanawalole kuchoka kuntchito. Dziwani kuti kuyambira 2021, pamene lamulo la ntchito la 2000 lidakonzedwanso, bambo wolembedwa ntchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha masabata osachepera awiri mwana akabadwa. Malipiro ake sadulidwa. Mayi wapantchito amapatsidwa masabata osachepera asanu ndi atatu.

Poyamba amaona ngati bamboyo ndi wolembedwa ntchito. Mlonda wa pagolosale pa Nsaru, kapena wolandira pamwezi pa esiteti ku Kabudula, ndi wantchito ndithu ngakhale adangogwirizana pakamwa ndi abwana ake. Koma wolima munda wake, kapena wakabaza wa njinga yake, alibe womupatsa tchuthi cholipidwa.

Kenako amawerenga zaka, pakuti tchuthichi chimaperekedwa kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Tiyerekeze kuti amuna anu amagwira ntchito pachigayo ku Namitete, ndipo adatenga tchuthi mu Malichi 2024 mutachira kuchipatala cha St. Gabriel. Mwana wina akabadwa mu Disembala 2025, abwana akhoza kukana, chifukwa zaka zitatu sizinakwane. Apo bamboyo apemphe masiku a tchuthi chake chapachaka. Amenewa ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndi 15 kwa wogwira masiku asanu. Nzeru n'kusungako masikuwa pathupi pakadziwika.

Alimbikitseni amuna anu kupempha mwa kalata mwezi woyembekezera usanafike, n'kusunga kalata ina yofanana nayo. Mwana akabadwa, aonetse pepala la kuchipatala. Ngati abwana akana, kapena malipiro a mweziwo abwera operewera, akadandaule ku ofesi ya zantchito ya boma ku Lilongwe, atatenga makalata aja.

Nanga agogo kapena azakhali amene atenga khanda la malemu? Apa lamulo lathu la ntchito silitchula tchuthi cha wolera mwana wosabereka yekha, ngakhale khoti litavomereza kuti mwanayo ndi wake. Ku South Africa, komwe ana athu ambiri amagwira ntchito, tchuthi chotere chidayamba mu 2020. Kwathu kuno zimadalira malamulo a pamalo antchito ndi mtima wa abwana. Wolera apemphe kuona malamulowo, atenge kalata ya ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kapena chigamulo cha khoti, ndipo zimene agwirizana zilembedwe.

Pamsonkhano wa bungwe lanu mwezi uno, lembani mabanja oyembekezera a m'mphakati mwanu. Funsani ngati bambo adapempha kale tchuthi. Kumene kulibe tchuthi, gawanani masiku okatunga madzi ndi kuphika.